Chidule cha kafukufuku chikakana kugawika m'zigawo zinayi

Mwalemba chidule cha kafukufuku wanu ngati ndime imodzi, yoyenda bwino kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kenako mwapeza kuti magazini imene mukufuna kutumizako nkhaniyo imafuna chidule chogawidwa, chokhala ndi mitu inayi: `Background`, `Methods`, `Results` ndi `Conclusions`, kutanthauza chiyambi, njira, zotsatira ndi mathero. Zikuoneka ngati ntchito yaing'ono, kungolowetsa mitu pakati pa ziganizo basi. Koma mukayesa, chiganizo chimodzi chikukana kulowa m'chigawo chilichonse chifukwa chanyamula njira ndi zotsatira pamodzi. Chigawo cha njira chatsala ndi mzere umodzi wokha, pomwe chiyambi chatenga theka la malo. Mathero nawo akungobwereza zimene zanenedwa kale pamwamba, kapena akunena zinthu zimene manambala sananene.

Vutoli limabwera mobwerezabwereza chifukwa mitundu iwiri ya chiduleyi inapangidwira ntchito zosiyana. Ndime yosagawa imalola wolemba kulumikiza zinthu mmene akufunira, ndipo polumikizapo mipata imabisika. Chidule chogawidwa chinayambitsidwa kuti mipatayo ionekere. Mu 1987 magazini ya Annals of Internal Medicine inasindikiza ganizo la gulu la akatswiri lakuti zidule za kafukufuku wa zachipatala zizilembedwa ndi mitu, kuti dokotala wotanganidwa azitha kuona msanga ngati kafukufuku ndi wodalirika ndiponso ngati akukhudza odwala ake. Mu 1990 Brian Haynes ndi anzake anakonzanso ndondomekoyo. Motero chigawo china chikatuluka chopanda kanthu mutagawa, kugawako sikunalakwike. Kwakuonetsani chimene chinali chosowa kuyambira pachiyambi.

Funso limodzi logawira

Anthu ambiri amagawa potengera malo: ziganizo ziwiri zoyamba ndi chiyambi, chomaliza ndi mathero, zapakati amazidula pakati. Ena amayang'ana nthawi ya mneni. Izi zimathandiza pang'ono, koma zimasocheretsa pomwe pali vuto lenileni, chifukwa njira ndi zotsatira zonse zimalembedwa ngati zinthu zimene zinachitika kale. "Tinayeza odwala" ndi "tinapeza odwala" n'zofanana m'kamangidwe, koma n'za zigawo ziwiri.

Funso limene limagwira ntchito ndi ili: mfundo imeneyi inadziwika liti? Ngati inali yodziwika kafukufuku asanaganiziridwe n'komwe, ndi ya chiyambi. Ngati ofufuza anaisankha okha, ndipo akanatha kuilemba asanaone wodwala ngakhale mmodzi, ndi ya njira. Ngati palibe amene akanaidziwa mpaka atawerengera zimene zasonkhanitsidwa, ndi ya zotsatira. Ndipo ngati si chinthu chowerengeka koma ndi mmene ofufuza akumvera tanthauzo la zowerengekazo, ndi ya mathero.

Funsoli musalifunse kwa chiganizo chathunthu. Lifunseni kwa mfundo iliyonse payokha, chifukwa chiganizo chimodzi chingathe kunyamula mfundo zinayi. Chidule chonse chiduleni pa mpumiro uliwonse, ndiponso pa mawu olumikiza monga "ndipo", "zomwe" ndi "pomwe", kachidutswa kalikonse kakhale pa mzere wakewake.

Tiyese pa chidule chimodzi

Chidule chili m'munsichi ndi chongopeka chophunzirira, manambala ake omwe, koma zolakwika zake n'zimene zimapezeka kawirikawiri. Ziganizo ndaziika manambala kuti tizitha kuzitchula.

(1) Anthu ambiri odwala matenda a kuthamanga kwa magazi samwa mankhwala awo mwandondomeko. (2) Mauthenga okumbutsa a pafoni ndi otchipa ndipo angafikire odwala ambiri nthawi imodzi. (3) Mwa akuluakulu 240 amene tinawagawa mwa maere m'magulu awiri, 226 anafika kumapeto kwa miyezi 6, ndipo amene ankalandira uthenga tsiku lililonse anachita bwino kuposa anzawo (57.9% ndi 45.5%), zomwe zikusonyeza kuti kukumbutsa odwala kumathandiza. (4) Kuthamanga kwa magazi kunkayezedwa ndi namwino amene sankadziwa gulu la wodwala. (5) Odwala a zaka zopitirira 60 ndi amene anapindula kwambiri. (6) Njira imeneyi iyenera kufalitsidwa m'zipatala zonse.

Chiganizo 1 ndi 2 sizivuta. Zonse zinali zodziwika kale, ndiye zikupita ku chiyambi. Chiganizo 4 nachonso n'chosavuta kuchizindikira, ngakhale chakhala pamalo olakwika: kuti namwino asadziwe gulu la wodwala ndi chinthu chimene ofufuza anakonza ntchito isanayambe, choncho chiyenera kukwera pamwamba, kukalowa m'njira. Amene amagawa potengera malo amachisiya m'zotsatira chifukwa chabwera pambuyo pa maperesenti.

Ntchito yaikulu ili pa chiganizo 3. Tikachidula tikupeza kuti kugawa anthu mwa maere m'magulu awiri, kutumiza uthenga tsiku lililonse ndi kuwatsatira miyezi 6 zonse ndi njira. Kuti 226 anafika kumapeto ndi zotsatira, popeza palibe amene akanadziwiratu kuti anthu 14 adzasowa. Maperesenti awiriwo ndi zotsatiranso. Kachidutswa komaliza, koyamba ndi "zomwe zikusonyeza", ndi mathero amene anamatiridwa kumchira kwa zotsatira. Mawu monga "zikusonyeza", "zikutanthauza" ndi "zikutsimikizira" akapezeka m'chigawo cha zotsatira, pafupifupi nthawi zonse pamenepo ndi pofunika kudula.

Nanga nambala ya 240 ipite kuti? Apa ndi pamene anthu amakangana kwambiri. Funso lathu lija likuyankha motere: chiwerengero chimene ofufuza anakonza kuti adzalembe ndi cha njira, koma chimene analembadi ndi cha zotsatira, chifukwa chinadziwika ntchito itachitika. Malangizo a CONSORT okhudza zidule za kafukufuku woyesa chithandizo, amene anatuluka mu 2008, amaika m'zotsatira chiwerengero cha anthu ogawidwa m'gulu lililonse komanso cha amene anawerengeredwa pomaliza. Magazini ena amene ali ndi mutu wapadera wa otenga nawo mbali amaika chiwerengerocho pamutu umenewo. Ngati malangizo a magazini sakunena kanthu, pa kafukufuku woyesa chithandizo ikani nambalayo m'zotsatira, ndipo muitchule kamodzi kokha. Kuitchula kawiri kumadya malo, komanso kumabweretsa ngozi yakuti tsiku lina mudzakonze pamodzi n'kuiwala pena.

Chiganizo 5 chimaoneka ngati zotsatira, ndipo ndi zotsatiradi, koma chilibe nambala ndiponso chilibe mnzake m'njira. Lamulo losavuta loyesera ndi lakuti chilichonse chimene chili m'zotsatira chiyenera kukhala ndi pochokera m'njira, ndipo chilichonse chimene njira yalonjeza kuyeza chiyenera kuonekera m'zotsatira. Choncho tsegulani ndondomeko ya kafukufuku imene inalembedwa poyamba. Ngati kuyerekeza odwala potengera zaka kunalembedwamo, nenani zimenezo m'njira ndipo perekani manambala ake. Ngati ganizolo linabwera ofufuza ataona kale zotsatira, ine ndimalichotsa m'chidule. M'nkhani yathunthu muli malo ofotokozera kuti linabwera pambuyo. M'chidule mulibe, ndipo owerenga ambiri sapitirira chidule. M'chitsanzo chathu tinene kuti silinakonzedwe poyamba, ndiye chiganizo 5 chachoka.

Zigawo zikatuluka zopanda kanthu

Tsopano taonani zimene zatsala. Chiyambi chili ndi ziganizo ziwiri, koma sichikunena chimene sichinkadziwika, kapena funso limene kafukufuku ankayankha. M'ndime yosagawa owerenga ankangolingalira okha cholingacho kuchokera pa zimene zikutsatira. Pa mitu inayi cholinga chilibe mutu wakewake, ndiye malo ake ndi chiganizo chomaliza cha chiyambi. Ena amachiika koyambirira kwa njira, koma chikakhala pamenepo chiyambi chimangotha m'malere, osafika pa funso.

Njira sikunena kumene kafukufuku anachitikira, amene ankaloledwa kulowamo, chimene gulu lachiwiri linkalandira, ndiponso, chachikulu pa zonse, tanthauzo la "anachita bwino". Kodi 57.9% ndi ya anthu amene ankamwa mankhwala mwandondomeko, kapena ya amene magazi awo anatsika? Ndime yoyamba ija inkawerengeka bwinobwino popanda yankho, koma pansi pa mutu wa njira mpatawo sungabisike.

Zosowazi musazilembe kuchokera m'mutu, ngakhale kafukufukuyo ndi wanu. Tsegulani nkhani yathunthu ndi matebulo ake, mukopere kuchokera mmenemo. Chidule chimalembedwa nthawi zambiri kusanthula manambala kusanathe, mwina pokonzekera msonkhano, ndiye manambala ake amatsalira m'mbuyo pomwe matebulo asintha. Nthawi yogawa chidule ndi nthawi yabwino yogwirira kusiyana kumeneku.

M'chitsanzo chathu, tinene kuti tebulo likusonyeza kuti gulu lililonse linali ndi anthu 120, ndipo chinthu chachikulu choyezedwa chinali chiwerengero cha odwala amene magazi awo anatsika pansi pa 140/90 mmHg pa mwezi wa 6. M'gulu la mauthenga anali 66 mwa 114, m'gulu linalo 51 mwa 112. Kusiyana kwake ndi 12.4 pa 100 alionse. Koma mukawerengera malire a 95% CI a kusiyanako, osonyeza pamene kusiyana kwenikweni kungakhale, akuchokera pa -0.6 kufika pa 25.3. Malirewo adutsa pa ziro. Kunena kwina, manambalawa akugwirizana ndi phindu lalikulu, koma akugwirizananso ndi kusakhalapo kwa phindu lililonse.

Apa chiganizo 6 chagwa, pamodzi ndi kachidutswa ka "kumathandiza" kaja. Ndime yosagawa inapereka maperesenti awiri okha, ndipo poti 57.9 ndi yaikulu kuposa 45.5, mathero ankaoneka omveka. Malire aja atangolembedwa m'zotsatira, mathero akale sangaimenso pafupi nawo. Ichi ndi chifukwa chake ndimati mathero azilembedwa mwatsopano pomaliza, osati kungosamutsidwa. Werengani chiganizo cha cholinga, werengani chotsatira chachikulu, kenako lembani yankho la cholingacho mosapitirira pomwe manambala alekezera.

Chidule chokonzedwa chikhoza kukhala chotere:

`Background` Anthu ambiri odwala matenda a kuthamanga kwa magazi samwa mankhwala mwandondomeko. Mauthenga okumbutsa a pafoni ndi otchipa, koma sizikudziwika ngati amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Tinafufuza ngati uthenga wa tsiku lililonse umachulukitsa odwala amene magazi awo amatsika kufika pamlingo wofunika.

`Methods` M'zipatala zitatu, akuluakulu amene anali kale pa mankhwala anagawidwa mwa maere m'magulu awiri: lolandira uthenga tsiku lililonse pamwamba pa chisamaliro cha nthawi zonse, ndi lolandira chisamaliro cha nthawi zonse chokha. Choyezedwa chachikulu chinali kuthamanga kwa magazi kotsika pansi pa 140/90 mmHg pa mwezi wa 6, koyezedwa ndi namwino wosadziwa gulu la wodwala.

`Results` Anthu 240 anagawidwa, 120 m'gulu lililonse, ndipo 226 anafika kumapeto. Magazi anatsika kufika pamlingowo mwa 66 pa 114 (57.9%) a gulu la mauthenga ndi 51 pa 112 (45.5%) a gulu linalo, kusiyana 12.4 pa 100, 95% CI -0.6 mpaka 25.3.

`Conclusions` Kafukufukuyu sanatsimikizire kuti uthenga wa tsiku lililonse umathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi pa miyezi 6, ngakhale n'kutheka kuti phindu lilipo. Pakufunika kafukufuku wa anthu ochulukirapo.

Pa kafukufuku weniweni woyesa chithandizo mungaonjezere miyezi ndi zaka zimene anthu analembedwa, zovuta zilizonse zimene otenga mbali anakumana nazo, ndi nambala yolembetsera kafukufukuyo kumapeto. Onaninso kuti m'mathero mulibe nambala yatsopano. Nambala ikaonekera koyamba m'mathero, ndiye kuti yasochera kuchokera ku zotsatira.

Ziganizo zikaduka mutazisuntha

Mukasamutsa ziganizo, tizingwe timene tinkazimanga timaduka. Mawu monga "anzawo", "zimenezi" kapena "gulu limeneli" ankaloza chinthu chimene chinali m'chiganizo cham'mbuyo, ndipo tsopano chiganizocho chili m'chigawo china. M'chitsanzo chathu "njira imeneyi" ya m'chiganizo 6 ikanasokoneza kwambiri, chifukwa pamwamba pake pali chigawo chonse chotchedwa njira. Chimodzimodzinso mawu ofupikitsidwa: mwina munawamasulira m'chiganizo chimene tsopano chatsikira pansi, pomwe chofupikitsacho chayamba kuoneka pamwamba. Njira yogwirira zimenezi ndi kuwerenga chigawo chilichonse pachokha, mutaphimba zinzake, kuyambira ndi mathero kubwerera m'mbuyo. Owerenga ambiri amayambiradi kumathero, ndiye chigawo chimenecho chiyenera kutchula chithandizo, anthu ake ndi chimene chinayezedwa ndi mayina awo, osati ndi mawu olozera.

Mawu akapitirira malire

Chidule chogawidwa chimatalika kuposa chosagawa, chifukwa zosowa zija zalowamo. Malire ake ndi okhwima: The New England Journal of Medicine imalola mawu 250, The Lancet 300. Makina otumizira nkhani nthawi zina amawerengera mitu yomwe, ndipo ena amawerengera zilembo osati mawu, choncho musadalire chiwerengero cha pulogalamu yanu yolembera yokha.

Poyamba dulani chiyambi. N'chimene chimakhala chonenepa pafupifupi nthawi zonse, popeza n'chosavuta kulemba, ndipo owerenga magaziniyo amadziwa kale kuti matendawo ndi ofala. Ziganizo ziwiri kapena zitatu zimakwana: vuto, chosadziwika, cholinga. Kenako chotsani zotsatira zazing'ono pamodzi ndi njira zake. Dzina la pulogalamu yowerengera manambala silifunika m'chidule. Chimene simuyenera kudula ndi manambala apansi, monga 114 ndi 112 aja, ndi malire a 95% CI. Anthu akapanikizika amayamba kuchotsa zimenezi chifukwa zimaoneka zodzaza malo, n'kusiya `p` yekha, amene sanena kukula kwa kusiyanako.

Mitu ya magazini ikakhala ina

Si magazini onse amagwiritsa ntchito mayina anayi omwewa. The Lancet imalemba `Findings` m'malo mwa zotsatira, `Interpretation` m'malo mwa mathero, n'kuonjezera `Funding` kumapeto. PLOS Medicine imaphatikiza zigawo ziwiri zapakati pansi pa `Methods and findings`. JAMA imayamba ndi `Importance` ndi `Objective`, ndipo njira imaigawanso tizigawo tingapo. Ngati munadula kale chidule m'tizidutswa ndi kuika kalikonse m'gulu lake, kusintha kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina kumangokhala kusanja, ndiye sungani pepala la tizidutswalo. Pamene cholinga chili ndi mutu wakewake, chichotseni kumapeto kwa chiyambi kuti chisaoneke kawiri.

National Library of Medicine ya ku United States, imene imayendetsa PubMed, inakumana ndi mitu yambirimbiri yotereyi ndipo inaisanja m'magulu asanu: `BACKGROUND`, `OBJECTIVE`, `METHODS`, `RESULTS` ndi `CONCLUSIONS`. M'mafayilo a XML a zidule zambiri mutu wa magazini ndi gulu lake zimaoneka limodzi:

```xml
<AbstractText Label="FINDINGS" NlmCategory="RESULTS">
<AbstractText Label="INTERPRETATION" NlmCategory="CONCLUSIONS">
```

Mukakayikira kuti mutu wachilendo ukufuna chiyani, yang'anani zidule zingapo zaposachedwa za magaziniyo, muone zimene olemba anaika pansi pake. Lembani mituyo ndendende mmene malangizo akunenera, ngakhale kusiyana kwa `Conclusion` ndi `Conclusions`. Ngati fomu yotumizira ili ndi bokosi la chigawo chilichonse, musalembenso mutu m'bokosimo, chifukwa udzatuluka kawiri. Ngati bokosi ndi limodzi, zilembo zakuda ndi mizere yolekanitsa ndime nthawi zina zimafufutika mukamata, ndiye ikani `:` kumapeto kwa mutu uliwonse ndipo muyang'ane fayilo ya PDF imene makinawo apanga musanavomereze. Zizindikiro monga `<`, `≥` ndi `-` wa nambala yotsika pansi pa ziro ndi zimene zimasowa kawirikawiri, ndipo -0.6 ikasanduka 0.6 tanthauzo la kafukufuku wathu uja latembenuka lonse.

Chidule chikakhala cha munthu wina

Zonse zili pamwambazi zikutengera kuti nkhaniyo ndi yanu, kapena muli ndi chilolezo choisintha. Ngati mukugawa zidule za anthu ena, mwina posanja nkhani zambiri kuti muziyerekeze, malamulo ake ndi ena. Mungadule chiganizo ndi kusuntha zidutswa zake, koma simungaonjezere kapena kufewetsa kanthu. Chigawo chopanda kanthu chisiyeni chopanda kanthu, mulembe kuti sizinanenedwe. Mathero opitirira manambala, ngati a chiganizo 6, akhale m'mathero mmene alili. Ndemanga yanu ilembeni pambali. Mukakonza mwakachetechete, amene adzawerenge tebulo lanu adzaganiza kuti olembawo anali osamala kuposa mmene analili. Ngati mukugawa muli awiri, gwirizanani musanayambe pa zinthu ziwiri zimene mudzasiyanapo ndithu: kumene cholinga chikupita, ndi kumene chiwerengero cha otenga mbali chikupita.

Palinso zidule zimene siziyenera kukakamizidwa m'mitu inayiyi. Nkhani yofotokoza ndondomeko ya kafukufuku amene sanachitike ilibe zotsatira, ndipo n'chifukwa chake BMJ Open imapatsa nkhani zotere mitu ina: `Introduction`, `Methods and analysis` ndi `Ethics and dissemination`. Mukalemba zimene mukuyembekezera kupeza pansi pa mutu wa zotsatira, wowerenga mofulumira adzazitenga ngati zapezeka kale. Nkhani ya maganizo, kapena yotsimikizira lamulo la masamu, ilibe njira yosonkhanitsira zinthu imene ingadzaze chigawo chachiwiri. Mukaona kuti funso la "inadziwika liti" likuika pafupifupi zidutswa zonse m'gulu limodzi, bwererani ku malangizo a magazini mukaone mtundu wa nkhani umene mwasankha pa fomu, chifukwa magazini ambiri amafuna mitu pa kafukufuku watsopano ndi pa nkhani zounika kafukufuku wambiri mwandondomeko, koma amalola ndime imodzi pa mitundu inayo.